Mapepala Amene Akufuna ku Jeremani

Josiah atanyamuka kupita ku Jeremani kukaphunzira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, anamusiya mkazi wake Elsie ku Area 23, m'nyumba ya mayi a mwamunayo, ndi mawu akuti, "Ndikakakhazikika mudzanditsatira." Ukwati wawo unali usanathe ndi chaka chomwe. Tsopano chinali chaka chachitatu, ndipo jekete limene Josiah analiiwala kuseri kwa chitseko linali litasiya kale kununkhira mwini wake.

Elsie anali ndi digiri ya zaulimi, koma ankagulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda m'kasitolo kena ku Chipasula. Njira imene anagwirizana ndi mwamuna wake inali ya sukulu. Mumzinda umene Josiah ankakhala munali yunivesite yophunzitsa digiri yachiwiri, ya masitazi, ya zaulimi m'Chijeremani. Elsie akanapeza malo kumeneko, akanamadzuka m'chipinda chimodzi ndi mwamuna wake. Ndiye Loweruka lililonse ankakwera minibasi ziwiri kupita ku Area 47 kwa Anti Sheila, mayi amene anakhalako ku Jeremani zaka zambiri, ndipo tsopano ankaphunzitsa chilankhulocho pakhonde la nyumba yawo.

Chimene chinkamuvuta chinali kudziwa mapepala amene yunivesiteyo inkafuna kwa munthu wochokera ku Malawi. Anayesapo kuwerenga tsamba lawo pafoni, koma Chijeremani cha patsambalo chinali cha m'maofesi, mawu aatali ngati njanji, ndipo tsamba lililonse linkamutumiza ku linzake. Josiah anamuuza kuti asavutike.

"Ndipita ndekha ku ofesi yawo. Ndi pafupi."

Elsie anaona kuti n'zomveka. Iyenso ankadziwa mmene zinthu zimayendera: ukafuna kanthu ku ofesi umapitako ndi miyendo yako, kapena umatuma munthu amene angaonane nawo maso ndi maso. Apongozi ake, Mayi Kettie, ankanenanso zomwezo.

"Mwamuna wanu ali komweko, mayi. Akagogoda yekha chitseko. Inu muli kuno mungalankhule ndi ndani?"

Koma miyezi inkapita. Akafunsa, Josiah ankati sabata ino wagwira mashifiti ambiri. Ulendo wina anati anapeza atatseka. Ulendo winanso anangosintha nkhani n'kufunsa ngati mtengo wa mapeyala wa kuseri wabereka. Elsie sankafuna kuganiza zoipa, koma maganizo safuna kuitanidwa. Kusitolo, akamayeza nyemba za mbewu, ankangoona mkazi wina wopanda nkhope akupachika jekete lake kuseri kwa chitseko cha Josiah.

Loweruka lina la mu Ogasiti, kukuwomba mphepo ya fumbi, ophunzira anzake onse atapita, Elsie anatsalira n'kuwafotokozera Anti Sheila.

"Ndiye chaka chonsechi ukudikira munthu woti akakufunsire?" anatero Anti Sheila, akuvula magalasi. "Iwe, uli ndi foni. Alembere."

"Angayankhe munthu amene sakumudziwa?"

"Amalipidwira zomwezo. Lemba, ndione."

Elsie analemba papepala kaye. Anayamba ndi moni, n'kufunsa ngati onse ku ofesiko ali bwino pamodzi ndi mabanja awo. Anafotokoza kuti kwawo ndi ku Dedza, kuti ndi wokwatiwa, kuti mwamuna wake ali mumzinda wawo womwewo ndipo sanaonane naye kwa nthawi yaitali. Anapepesa chifukwa chowasokoneza pa ntchito. Funso lenilenilo linali pansi penipeni, lamanyazi.

Anti Sheila anawerenga, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ukufunsira mbeta kapena ukufunsa mapepala? Wowerenga izi afika pakati khofi atazizira." Anatenga cholembera chofiira n'kuyamba kudula. Anadula mabanja, anadula Dedza, anadula kupepesa. Atafika pa mzere wa Josiah, Elsie anawagwira dzanja.

"Umenewo usiyeni, Anti. Mwina akadziwa angandimvere chisoni."

"Sangapeze poti auike, mwanawe. Ofesi imeneyo imaona digiri yako, osati ukwati wako." Anadulanso, koma mofatsa.

Zotsalazo Elsie anazilemba pafoni. Pamutu anaika kuti *Frage zu den Bewerbungsunterlagen, Master Agrarwissenschaften*, kutanthauza funso lokhudza mapepala ofunsira malo.

*Sehr geehrte Damen und Herren,*

*ich komme aus Malawi und habe einen Bachelorabschluss in Agrarwissenschaften. Ich möchte mich für Ihren Masterstudiengang bewerben. Könnten Sie mir bitte mitteilen, welche Unterlagen ich einreichen muss und bis wann?*

*Mit freundlichen Grüßen*
*Elsie Chimbalanga*

Basi: olemekezeka amayi ndi abambo, ndine wa ku Malawi, ndili ndi digiri yakuti, ndikufuna kufunsira malo, chonde ndiuzeni mapepala ofunika ndi tsiku lomaliza. Elsie anaiona imeloyo ngati munthu wolowa pakhomo pa eni osaodira. Anaitumiza, ndipo Josiah sanamuuze.

Yankho linabwera mkati mwa sabata, iye akumangira kasitomala paketi ya mbewu ya tomato. Analiwerenga atakhala pathumba la feteleza, liwu ndi liwu, mtanthauziramawu ali pafoni pomwepo. Mayi wina wa ku ofesi yolandira ophunzira analemba mwaulemu ndi mwachidule. Ankafuna satifiketi ya digiri, thiransikiripiti yosonyeza maphunziro onse ndi magiredi ake, satifiketi ya ku sekondale, mbiri ya maphunziro ndi ntchito, kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira maphunzirowo, ndi kope ya pasipoti. Mapepala a m'Chingerezi sankafunika kuwamasulira. Pofunsira malo ankangofuna kuti awatumize pa intaneti, makope otsimikizidwa ndi chidindo adzafunika akadzamutenga. Ankafunanso umboni wa chilankhulo, mayeso a DSH-2 kapena TestDaF mulingo wachinayi m'zigawo zonse, ndipo Elsie ankadziwa kuti Chijeremani chake cha pakhonde chinali chisanafike pamenepo. Mzere womaliza unkati maphunzirowo amayamba mu Okutobala mokha, ndipo tsiku lomaliza kufunsira malo ndi 15 Julaye. La chaka chino linali litadutsa.

Sanalire. Chimene chinamupweteka sichinali chaka chotayikacho ayi, koma kuphweka kwa zinthuzo. Mlendo amene sanamuonepo anamuyankha zonse, pamene mwamuna wake ankadutsa pafupi ndi ofesiyo nthawi yonseyi.

Lamulungu masana, apongozi atapita kukazonda wodwala ku Kawale, Elsie anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumuimbira Josiah pavidiyo. Anali m'kachipinda kake, kumbuyo kwake kukuoneka bedi laling'ono ndi zovala zoyanikidwa pampando.

"Ndinawalembera a ku yunivesite," anatero Elsie. "Ndekha. Andiyankha."

Josiah anayang'ana kumbali.

"Akuti tsiku linali 15 Julaye. Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ku ofesiko munapitako?"

"Ndinapita chaka chatha. Anandiuza zonsezo."

Elsie anaitsamiritsa foni pamwala.

"Ndiuzeni, a Josiah. Ngati kuli wina, ndiuzeni masana ano. Ndisamangokwera minibasi ngati chitsiru."

"Wina?" Josiah anaseka kuseka kosakoma, n'kutembenuza foni kuti aone chipinda chonse: mbale imodzi, kapu imodzi, zenera loyang'ana khoma. "Wina angakhale pati muno? Elsie, ine ndikufuna kubwerera kumudzi."

"Kubwera kudzationa?"

"Kubwereratu. Ndikangomaliza mayeso omaliza chaka chamawa." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Ntchito ndi yabwino, anthu sandizunza. Koma ndimatha sabata osatchulidwa dzina ndi munthu amene amadziwa amayi anga. Tsiku lina ndinkasambitsa agogo ena, ndiye ndinayamba kuganiza kuti amayi akadzafooka adzawasambitsa ndani. Ndimalota ndikutsika minibasi pasiteji pathu paja, fumbi lili m'maso. Ndimadzuka ndikusangalala, kenako ndimaona khoma ili."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanayamba bwanji? Ndikaimba mumandilonjera m'Chijeremani, mukusekerera. Amayi auza mpingo wonse kuti nanunso mukupita. Ndinkati mawa ndinena, mawa ndinena. Ndinkaopa kuti mukapeza malo mudzabwera, ndiye ine ndidzakhala zaka zina ziwiri. Ndinalakwa."

Nkhuku ya oyandikana nawo inadutsa ndi anapiye ake, ikupalasa pafupi ndi mapazi a Elsie. Iye ankangoiyang'ana. Mkazi wopanda nkhope uja anali atachoka, ndipo mpweya unkalowa bwino m'chifuwa. Koma pamalo pake panabwera china chimene sankachiyembekezera. Usiku ndi usana ankati akufuna Josiah yekha, sukuluyo ndi njira chabe. Koma kuyambira tsiku limene yankho linabwera, anali atawerenga maina a maphunziro a nthaka patsamba lija, atawamva bwino koyamba, ndipo anali atadziona atakhala m'kalasi. Mayi wa ku ofesi uja anamulembera ngati munthu woti angathe.

"Mwandibera chaka," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa."

"Mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti bwerani. Sindinakwatiwe ndi Jeremani ine."

Josiah anaweramitsa mutu, mapewa ake akugwedezeka. Elsie anamusiya mpaka atadzutsa nkhope.

"Ndiye ndibwere?"

"Bwerani. Koma amayi muwauze nokha, ine sindikunyamulirani mtolo umenewo. Ndipo kwa Anti Sheila sindisiya. Thiransikiripiti ndikatenganso, ikhale m'nyumba."

"Kuti mudzapite ine nditabwera?"

"Sindikudziwa, a Josiah. Zimenezo tidzakambirana muli pano, pampando, osati pagalasi."

Anacheza pang'ono za mvula ya kumeneko ndi za denga la kukhitchini limene linkafunika malata atsopano. Kenako netiweki inayamba kuvuta, nkhope ya Josiah inaima pakamwa pali potsegula, n'kuzimiririka.

Elsie anakhalabe pomwepo mpaka anamva geti likulira. Mayi Kettie analowa akukupiza fumbi pachitenje.

"Mwalankhula naye mnzanu? Wapitako ku maofesi kuja?"

"Akuimbirani madzulo ano, Amayi," anatero Elsie, akuwalandira chikwama. "Ali ndi nkhani yoti akuuzeni. Khalani pansi, ndikupatseni madzi."