Theka la Mwambi pa Bokosi la Keke

Alamu anga adachita chanzeru kamodzi kokha m'moyo mwawo, ndipo mpaka lero tikuvutika nacho. Chaka china, mvula ili pafupi, adalembera sitolo ya nsapato mawu otsatsa majombo: "Walira mvula, walira matope. Gulani majombo." Majombo adatha mvula isanakhazikike. Mwambiwo udagwira chifukwa aliyense adaona matope m'maganizo mwake, n'kuyang'ana kumapazi. Kuyambira pamenepo anthu adawatcha a Matope, iwo n'kudzitcha katswiri wa zotsatsa malonda, n'kugula suti.

Achemwali anga, akazi awo, amaphika makeke. Ine ndimapaka kirimu. Malo athu ndi chipinda chimodzi: uvuni kumbuyo, tebulo pakati, zenera loyang'ana kumsewu. Miyezi ya maukwati ndiyo imatidyetsa chaka chonse, ndipo chaka chino mwini holo ya maukwati, mayi wosaseka wamba, adalonjeza kuti akwati onse obwera kwa iye aziwatumiza kwa ife. Achemwali adadikira mwayi umenewu zaka zambiri.

A Matope adangoti amve, adatulukira ndi suti yawo, n'kukhala pa thumba la shuga ngati pampando wa ofesi.

"Nyengo ino ikufunika mwambi," adatero. "Ndaupeza kale. Chikomekome cha mkuyu!"

Achemwali adasiya kusefa ufa. "Bambo, nanga si umathera koipa umenewo?"

"Mchirawo tidula. Pa chikwangwani malo ndi ochepa, mawu azikhala afupi. Munthu amawerenga zimene zalembedwa, basi. Aona kukoma, aona chipatso, alowa."

Ankalankhula ngati anthu a mumsewu uno adabadwa dzulo. Achemwali adawayang'ana ndi maso aja a mkazi amene akufunitsitsa kuti mwamuna wake akhale wanzeru, ndipo adavomera. Zidandinyansa, koma banja la eni salowerera.

A Matope adasindikiza chikwangwani chachikulu, mabokosi a keke, ndi timapepala togawa pakhomo la holo. Zonse zokongola, zilembo zagolide, pansi pake chithunzi cha keke yosanjikiza.

Tsiku loyamba lomwe, kondakitala wa minibasi adawerenga chikwangwanicho mokuwa, galimoto yonse n'kuyankha ngati kwaya: "M'kati muli nyerere!" Ana a sukulu adachitola. Wometa tsitsi woyandikana nafe ankangoti akandiona, n'kuyamba kudzikanda. Mwambi sudulidwa ngati nsalu. Ukanena theka, wakumva amamaliza yekha, afune asafune.

A Matope adasangalala. "Mwaona? Tauni yonse ikukamba za ife. Kutsatsa ndi kumeneku!"

Inde, ankakamba. Koma pakhomo sipadalowe mkwati ndi mmodzi yemwe, ndipo mazira amene tidagula ambiri adayamba kutidetsa nkhawa.

Kenako mwini holo adabwera yekha, kapepala kathu kali m'manja. Sadakhale pansi. A Matope adamuthamangira, akukonza tayi.

"Mayi, mwina simunamvetse luso lake. Ife akatswiri timati..."

"Bambo, ndabwera kwa wophika," adatero mayiyo, osawayang'ana n'komwe. Adatembenukira kwa achemwali. "Keke yanu ndimaidziwa, ilibe vuto. Nyerere palibe amene akuziopa. Koma taganizani. Mwambi uwu anthu amaunenera ndani? Amaunenera mkazi wokongola nkhope koma woipa mtima. Ndiye bokosi lolembedwa zimenezi lilowe mu holo mwanga, lidutse pamaso pa apongozi, likaikidwe pafupi ndi mkwatibwi atavala zoyera? Dzulo mayi wina walira mu ofesi mwanga. Akuti achibale a mwamuna adamupatsira mwana wake kapepala aka dala, akuseka."

"Mabokosi tisintha, mayi," adatero achemwali. "Chikwangwani titsitsa lero lomwe."

"Mutsitsa, koma m'kamwa mwa anthu simuchotsamo. Panopa keke yanu akuitcha ya mkuyu. Chaka chino ndatumiza akwati kwina. Pepani."

Adasiya kapepalako patebulo, pa ufa, n'kutuluka.

Ndidamva chisoni. A Matope, opanda manyazi ngati mbuzi ya pamsika, adatsokomola n'kunena kuti anthu a kuno sadafike pomvetsa zamakono, ndipo nyengo yozizira ali ndi mwambi wina woposa uwu.

Achemwali sadalire. Adapukuta manja pa epuloni, n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira ku nsapato zonyezimira, suti yositidwa bwino, mpaka ku tayi. Adawayang'ana nthawi yaitali, ngati akuwaona koyamba.

"Ayi, bambo, mwambi uja ndi woona," adatero pang'onopang'ono. "Tidangoumata pa katundu wolakwika."