Batani Lotulukira la Bambo a Ana

Ntchito yanga ndi yoyesa mawebusaiti. Anthu akapanga, amandiitana ndidzafufuze pamene mbava ingalowere. Tidakali pabanja, bambo a ana anga ankaseketsa nayo anzawo ntchitoyi. Ankati iwo ndi omanga, ine wogumula, ndipo tsiku limene ukwati unatha anauza abale kuti ndagumulanso banja. Za mtsikana wa ku ofesi kwawo sanatchuleko. Pochoka anatenganso kampani imene tinayambitsa awiri patebulo lodyera, ine n'kutsala ndi ana komanso mkwiyo.

Ndiye tangoganizani mmene mtima unavinira pamene amayi oyang'anira chipatala china anandiimbira foni. Anati apangitsa fomu ya pa intaneti yoti odwala azigwiritsa ntchito popempha tsiku loonana ndi dokotala, ndipo asanailandire akufuna munthu wapadera aiyese. Atatchula amene anaipanga, ndinakhala kaye pansi. Ndinawauza poyera kuti munthuyo anali mwamuna wanga.

“Ndiye bwino,” anatero amayiwo. “Simuwanyengerera.”

Anandipatsa chilolezo cholemba, ndi adiresi ya webusaiti yoyeserera, yodzaza mayina opeka. Ndinafulula tiyi n'kuyamba, cholinga changa chili chimodzi: ntchito imeneyi iwapulumuke m'manja pamaso pa anthu, ine ndikuonerera.

Pamwamba fomuyo inali yaulemu. Ukasiya bokosi la dzina lopanda kanthu, inkakukaniza ndi zilembo zofiira. Ukalemba tsiku lobadwa la chaka chamawa, inkakukanizanso. Koma ine munthuyu ndimamudziwa, amasesa pabwalo pokha. Kukaniza konseko kunkachitikira m'bulawuza, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti pa kompyuta ya wolembayo. Ndinagwira uthenga uli m'njira kupita ku seva, kompyuta yaikulu yolandira ndi kusunga zonse, n'kuusintha, ndipo seva inameza zonse osafunsa: wodwala wopanda dzina, wodwala wosabadwa, dzina lotalika masamba atatu. M'bokosi lofufuzira ndinaika kachizindikiro kamodzi kogwirira mawu, seva n'kulavula uthenga wa vuto woulula mayina a matebulo a m'nkhokwe yake. M'bokosi lofotokozera matenda ndinalemba kapulogalamu kakang'ono, ndipo nditatsegula tsamba la namwino kanagwira ntchito, kawindo n'kutulukira konena kuti moni. Ndinaseka mpaka mwana wanga wamkulu anasuzumira pakhomo.

Chonona chenicheni chinali batani lotulukira. Munthu akalowa ndi pasiwedi, seva imapatsa bulawuza yake kachiphaso kamene timakatcha kuki, ndipo ndi kameneko kamamuzindikiritsa patsamba lililonse. Akatuluka, seva iyenera kukapha kachiphasoko. Batani la bambo a ana linkangokubwezera kutsamba loyamba n'kufufuta kuki m'bulawuza, koma ku seva kachiphaso kali moyo. Ndinakopera kamodzi, n'kutuluka, n'kukabwezeretsa mawa lake. Ndinalowa bwinobwino ngati kwathu.

Zonsezi ndinazilemba mu lipoti, ndi njira zokonzera zomwe, n'kutumiza kwa bambo a ana ndi kwa amayi aja kutatsala sabata kuti tsiku lolandira ntchito lifike. Mwambo wa ntchito yathu ndi umenewo, ndipo sindinafune wina adzati ndinatchera msampha. Ndinkangodalira khalidwe lawo basi. Yankho linabwera la mzere umodzi, loti zimenezi ndi zongopeka za anthu osowa chochita.

Tsiku lolandira ntchito tinakumana m'chipinda chamisonkhano cha chipatala, chonunkha mankhwala okolopera. Munali amayi oyang'anira, dokotala wamkulu, ndi bambo a ana atavala jekete imene ndinawasankhira ine kalekale. Analumikiza laputopu yawo ku pulojekita n'kuyamba kuonetsa mitundu ndi mabatani. Pakamwa paja Mulungu anawapatsa.

“Za mu lipoti zija mwakonza?” anafunsa amayi oyang'anira.

“Mayi, musadandaule,” anayankha akumwetulira. “Mayi a ana angawa ngakhale nsalu yatsopano amaipezera chibowo.”

Dokotala anaseka pang'ono. Ine ndinaseka nawo, mano okha.

“Bambo a ana,” ndinatero, “tandilowereni ngati dokotala pa laputopu yangayi. Ine nditembenuka, pasiwedi yanu ndisaione.”

Analowa monyada. Ndinakopera kuki aliyense akuona, n'kufotokoza kuti pa kompyuta yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, kapena kudzera m'kapulogalamu konga kaja ndinabisa m'bokosi la matenda, wakuba akhoza kukatenga chimodzimodzi. Kenako ndinawapempha atuluke okha. Anadina batani lawo, tsamba loyamba n'kubwera.

“Mwatuluka?”

“Mwaona nokha.”

“Mwatsimikiza?”

“Mayi inu, tili ndi zochita.”

Ndinasamutsira waya wa pulojekita ku laputopu yanga, n'kubwezeretsa kuki kaja, n'kutsegula tsamba la dokotala. Khoma lonse linadzaza mndandanda wa odwala ndi matenda awo.

Ndinayembekezera mayina opeka aja, a Wodwala Woyamba ndi a Wodwala Wachiwiri. Sanali amenewo. Anali mayina a anthu, manambala a foni, zotsatira za magazi. Dokotala anaimirira mpando n'kugwa.

“Uyo ndi namwino wathu wa ku chipinda cha ana!”

Ndinazula waya msangamsanga. Ndine wankhanza kwa munthu mmodzi yekha, namwinoyo sanandilakwire.

“Mayina awa afika bwanji muno?” Mawu a amayi oyang'anira anatsika kwambiri.

Bambo a ana anati chipatala chinawapatsa mayinawo kuti adzawasamutsire m'webusaiti yeniyeni ikadzavomerezedwa, ndiye m'mawa umenewo anawathira m'yoyeserera kuti chionetsero chioneke chamoyo. Anati anthu ambiri amatero.

“M'webusaiti imene munauzidwa sabata yatha kuti ndi yobooka? Ili pa intaneti panopa?”

Amayiwo anawalamula aizimitse pomwepo, ndipo zala zija zimene zinkandiloza pamaso pa abale zinalakwitsa pasiwedi kawiri. Sindinama, ndinamva kukoma mpaka m'mafupa.

Itazima, amayiwo anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine.

“Mayi, inu ndiye mukuzidziwa. Zimenezi n'zokonzeka?”

“N'zokonzeka. Seva iziyesa yokha chilichonse chimene yalandira, zolemba za anthu zisamatengedwe ngati malamulo, kachiphaso kazifa munthu akatuluka kapena akakhala nthawi osagwira kanthu. Si ntchito yaikulu.”

“Nanga bambowa tiwapatsenso mpata, kapena tipeze wina?”

Bambo a ana anandiyang'ana. Maso amenewo ndinkawadziwa, ndi aja ankabwera nawo akalakwa kwambiri, ofunsa ngati mayi wa ana awo angawataye pagulu. Ndinkadziwanso kuti ntchitoyo angaithe masiku awiri, chifukwa mutu ali nawo. Mawu amodzi okha akanawapulumutsa, ndipo ndinali nawo pakamwa.

“Luso ali nalo,” ndinatero. “Koma ine ndakhala nawo nyumba imodzi, mayi. Mukawauza kuti pali vuto, amakuuzani kuti vuto ndinu. Odwala ndi anu, sankhani nokha.”

Amayi oyang'anira anavalanso magalasi, n'kuuza dokotala kuti aitane mlonda adzaperekeze bambowo kuchipata akamaliza kufufuta mayina onse pamaso pawo.

“Mayi a ana,” ananong'ona bambowo ndikulongedza laputopu, “mpaka pamenepa?”

“Loweruka musachedwe kudzatenga ana,” ndinawayankha. “Nthawi tsopano muli nayo.”