Mawu Obwerera mu Mndandanda

Aphunzitsi atapuma ntchito, mng'ono wawo anawaitana kuti akathandize pa kaofesi kake ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Iye ndi mwamuna wake, amene anthu ankamutcha Chipewa poti sankavula kapusi ngakhale podya, ankapanga masewera a pafoni: kulota liwu la zilembo zisanu, limodzi patsiku, makolo ndi ana pamodzi.

Mawuwo Chipewa anawakokolola ndi kompyuta m'nyuzipepala ndi m'zolemba za anthu pa intaneti, okwana 9,000. Khoka silisankha. Munali "mbuzi" ndi "khasu", munalinso maina a anthu, mawu achingerezi, zolakwika ngati "mwnaa", ndi ena oti munthu wamkulu akawawerenga amayamba wacheuka. Ntchito ya Aphunzitsi inali kupeta.

Lolemba anafufuta 412, nawalemba m'kope lawo monga ankachitira ndi ana ojomba. Lachiwiri akutsegula mndandanda, maso anagwera pa liwu lotukwana la kumunsi kwa mchombo limene anafufuta dzulo lake, lili pamalo pake ngati silinachokepo.

Anasuzumira pamwamba pa magalasi. Chipewa anali kukhoma, mahedifoni kukhutu, mwendo ukugwedera. Aphunzitsi sanaiwale kuti pa nthawi ya ukwati ndi iwo amene ananena poyera kuti mwamuna wosewera ndi foni sangadyetse banja. Kodi nayenso sanaiwale?

Anafufutanso. Lachitatu onse anali atabwerera.

"Iwe, kompyuta imeneyi amaigwira ndani ine ndikaweruka?" anamunong'oneza mng'ono wawo potsuka makapu.

"Bambo akewo basi. Bwanji asisi?"

"Ayi, ndimangofunsa."

M'basi pobwerera kunyumba mutu unali pa chinthu chimodzi. Masewera akatuluka, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akadzafunsa mayi ake tanthauzo la liwu limenelo, anthu adzati anapeta ndani? Aphunzitsi. Zaka makumi atatu za choko kuthera pa liwu limodzi.

Lachinayi anatchera msampha. Anafufuta "mwana", liwu losalakwa, nalowetsa lopeka, "zwepu". Lachisanu "mwana" anali atabwerera, "zwepu" kulibe. Anaimirira, nakamugogoda Chipewa paphewa ndi kope.

"Alamu, ngati simundifuna pano, pakamwa mulipo. Sabata yathunthu ndikutungira madzi m'dengu."

Chipewa anavula mahedifoni, nawerenga m'kopemo pang'onopang'ono. Kenako anakoka mpando.

"Mwakhala mukufufuta muno? Alamu, uwu ndi mndandanda wotuluka. M'mawa uliwonse kompyuta imaupanga mwatsopano kuchokera ku mulu waukulu uja. Imachotsa okhawo amene alembedwa mu fayilo iyi ya oletsedwa."

Anaitsegula. Munali mawu khumi ndi awiri okha.

"Ndiye simunandiuze bwanji?"

"Ndimayesa mayi akewa anakuonetsani."

"Ine ndimayesa munawaonetsa ndinu," anatero mng'ono uja ali pakhomo, maso kumbali.

Aphunzitsi anayang'ana uyu, nayang'ana uyo. Yankho linali lomveka, komatu linabwera mosalala kwambiri, ngati la mwana amene wakonzekera bodza ali panjira.

"Sabata yonse simunaone kuti fayilo yanuyo sikukula?"

"Ndinaona dzulo," anavomera Chipewa, akukanda pansi pa kapusi. "Ndinaopa kufunsa. Inu mukandiyang'ana pamwamba pa magalasipo, ine ndimabwerera Sitandade 4."

Mng'ono uja anaphulika kuseka. Aphunzitsi sanaseke, koma anakhala pansi.

Kope lija linawapulumutsa. Tsiku lomwelo anakopera zonse mu fayilo ya oletsedwa, Aphunzitsi akuwerenga, Chipewa akutayipa. Otukwana sankawatchula, ankangoloza ndi cholembera. Pa "phaso" anakangana. Chipewa anati mwana wa m'tauni sanaonepo denga la mitengo, lichoke. Aphunzitsi anati ndi liwu lenileni, munthu akalilemba foni isamuuze kuti kulibe. Anagwirizana zogawa pawiri: mawu ovomerezeka polota, ndi ochepa odziwika bwino oti n'kukhala yankho la tsiku. "Phaso" linalowa m'gulu loyambalo.

"Tsopano ipangeni mwatsopano ndikuona," anatero Aphunzitsi.

"Imapanga yokha mawa m'mawa."

"Ndati pano."

Chipewa anadina. Mndandanda unatsika kufika pa 8,500 ndi kanthu. Aphunzitsi anafufuza mawu khumi a m'kope, limodzilimodzi, ndipo sanapezeke. Anapempha kuti fayilo ya oletsedwa isindikizidwe papepala, nasaina tsamba lililonse pansi, n'kuika m'chikwama.

"Simukundikhulupirirabe, alamu?"

"Ndikukhulupirirani Lolemba," anayankha, akufunafuna ambulera yawo pansi pa tebulo.