Mayina Makumi Atatu

Mayiyu anachenjeza bambo ake ndi mwamuna wake Lolemba, mwana ali kumsana, kuti mayina a pa masatifiketi asalembedwe m'zilembo zokongoletsa. Mwamuna wake, mwini shopu yosindikiza, anangoti madala ntchito yawo amaidziwa. Bambo akewo sanadzutse n'komwe mutu pa tebulo lolembera.

Chonsecho lamuloli anamuphunzitsa ndi iwo omwe ali kamtsikana. Mutu wa satifiketi uvale zilembo zakuda zonenepa, zangodyangodya zija, koma dzina likhale m'zilembo wamba, loti kalaliki aliwerenge kamodzi. Ankati munthu umamuveka suti, koma nkhope suiphimba.

Chimene chinawasintha iye ankachidziwa. Zilembo zonenepazo zimamangidwa ndi timizere tifupitifupi, cholembera chikunyamulidwa pafupipafupi, ndiye kunjenjemera kwa dzanja kumabisala m'menemo. Koma zilembo wamba, monga o, zimafuna dzanja lokhota mosadodoma.

Lachinayi masana mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya utelala anabweza masatifiketi onse makumi atatu. Anayamba wayamikira kukongola, kenaka anaika chala pa dzina lina n'kufunsa ngati pali m, n kapena u, poti zonse zinangoima ndondondo ngati mpanda. Anawa akafunsira ntchito ndi mapepala amenewa, anatero, ndipo mwambo wowapatsa uli Loweruka.

Mphunzitsi atachoka, mwamuna wake anatulutsa mapepala atsopano n'kuwaika patsogolo pa mkazi wake, maso ali kumbali.

“Ndipatseni limodzi, akamwini,” anatero bambo.

Anajambula mizere iwiri ya pensulo, naviika cholembera mu inki. Iye ankagwedeza mwana amene sankalira n'komwe. Chilembo choyamba chinaima bwino. Chachiwiri chinali o, ndipo chinatuluka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapukuta cholembera ndi kansanza n'kupatsira mwana wawo wamkaziyo.

“Unaona liti, mwanawe?”

“Kale, bambo.”

“Ndiye chifukwa chake tiyi umandithirira theka la kapu. Ine ndimati waphunzira kuumira kwa amunako.”

Iye anakhala pa tebulo n'kuviika cholembera mu inki.

Analemba mayinawo mpaka dzuwa kupendeka, bambo ataima kumbuyo kwake. Kamodzi kokha anamuuza kuti adikire inki iume asanafufute pensulo. Mwamuna wake, pofuna kukonza zinthu, anati madala angamakhale pakhomo n'kumalandira makasitomala, mpando ulipo wabwino. Bambo anathokoza ndi ulemu umene unamuopsa iye.

Madzulo anawapeza kuchipinda akupinda malaya. Anawachonderera kuti mitu angamalembebe, poti imeneyo ikutulukabe bwino. Iwo anati ikutuluka bwino lero, koma sakufuna kuti iye azidzayima kumbuyo kwawo tsiku ndi tsiku kuwerenga masiku amene atsala. Apita kwa alongo awo, kumene anthu sanawaonepo atagwira cholembera.

Mwana anadzuka n'kutambasulira manja kwa agogo ake. Anamunyamula atakhala pabedi, mosamala, ndi manja awiri.

“Basi yoyamba imanyamuka kusanache,” anatero. “Amunako usawadzutse. Angandipepese.”