Pempho la Alimi a Njuchi a ku Sikonge

Imelo yoyamba ija Nyamizi sanailembe yekha, ndipo pamenepo ndi pomwe panayambira chisokonezo. Iye anali mlembi chabe wa gulu la alimi a njuchi ku Sikonge, koma m'gulu limenelo kalata imalembedwa ndi pakamwa pa aliyense.

Nkhani yake inali yosavuta. Bungwe lina la ku Dar es Salaam linawathandiza ndi ming'oma makumi asanu ndi limodzi, ndipo ntchito yonse inayenera kutha pa 30 Epulo. Koma mvula inadula msewu wa kunkhalango, ming'oma inapachikidwa mu Januwale m'malo mwa Novembala, ndipo uchi sukanakhwima mpaka Juni. Chotsala chinali makina ofinyira uchi ndi maphunziro a kafulidwe. Tsono ungaphunzitse bwanji anthu kufula m'ming'oma yopanda uchi? Nthawi ikanangotha, thandizo lotsalalo likanabwerera kwa eni ake, makina osawaonanso.

Tsiku lolemba imelo yoyambayo, gulu lonse linakhala pansi pa mtengo wa mango, foni ili m'manja mwa Nyamizi. Wapampando, bambo wachikulire amene ankamutchula mwaulemu kuti Mzee Kashindye, anayamba ndi moni. Anafunsa za ana a Mayi Lyimo, amene amayang'anira ntchito yawo kubungweko. Anafunsa za thanzi la makolo awo. Kalunde, msungichuma, anati alembemonso kuti njuchi zalowa m'ming'oma makumi anayi ndi umodzi, wina anati zithunzi zisaiwalike. Pempho lowonjezera nthawi linakabisala kumunsi kwenikweni, mwamanyazi, ngati mlendo wotchula chimene wadzera akuperekezedwa.

Yankho linabwera patapita masiku atatu: "Zikomo, ntchito yabwino kwambiri! Tikudikira lipoti lomaliza."

Nyamizi mtima unangoti phwii. Anathamangira ku chikalata cha mgwirizano wawo ndi bungwelo, nawerenga ndi chala: pempho lowonjezera nthawi lifike pasanatsale masiku makumi atatu kuti ntchito ithe. Tsiku lomaliza lotumizira pempholo linali mawa lake. Anachita mantha enieni, chifukwa ndi iye amene anakopa amayi anzake kulowa m'gululi, akuwalonjeza kuti zofinya zisa ndi nsanza zatha.

"Sanawerenge mpaka pansi," anawauza anzake masana omwewo. "Maimelo amawafikira ngati mvula. Tilembenso, koma pempho likhale pamwamba penipeni."

"Aaa, mwanangawe!" anakuwa Mzee. "Kufika pakhomo pa munthu n'kungotambasula dzanja? Tinaleredwa ndi anyani ife?"

"Mzee, moni wanu uja ndi wautali kuposa msewu wa ku Tabora," anatero Kalunde. "Ine ndemwe ndinagona pakati."

"Iwe umagona ndi m'tchalitchi momwe, ukhale chete!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Nyamizi anadikira phokoso lizizire, kenaka anati mofatsa, "Bambo, mwana wosalira amafera m'mbereko. Moni wanu sinditaya, ndingowusuntha."

Mzee anatafuna mtedza nthawi yaitali, nkhope ili gwaa. "Lemba. Koma akatiyesa amwano, ndikatchula dzina lako."

Analembadi. Pamutu anaika nambala ya mgwirizano ndi mawu akuti pempho lowonjezera nthawi. Mzere woyamba unati akupempha miyezi inayi, mpaka pa 31 Ogasiti, popanda ndalama ina yowonjezera. Kenaka zomwe zachitika, chimene chinachedwetsa, ndi ndondomeko yatsopano: makina mu Meyi, maphunziro ndi kufula mu Juni ndi Julayi, lipoti mu Ogasiti. Moni wa Mzee unatsikira pansi, wathunthu. Netiweki nayo inasankha tsiku lomwelo kuchita matama, moti Nyamizi anakwera pachulu, foni m'mwamba, gulu lonse likumulangiza kolozetsa. Imelo itapita, Kalunde anagawa zitumbuwa ngati kuti apambana kale.

Anadikira sabata yonse. Lachisanu, ali pamsonkhano, foni inalira. Nyamizi anawerenga yankho mokweza. Mayi Lyimo anapepesa kuti poyamba paja pempho linawaphonya. Akuluakulu avomera. Kalata yosintha mgwirizano ili m'munsimu, wapampando asayine n'kuibweza.

Nthungululu zake! Kalunde anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuvina, fumbi koboo. Nyamizi anangokhala pansi, akuseka, misozi ikutsika, osaipukuta n'komwe.

Mzee yekha sanasunthe. "Nanga moni wanga?"

Nyamizi anatsitsa ndi chala. Yankho la moniwo linalipo, ndipo anawerenga mawu a Mayi Lyimo: "Muwauze Mzee kuti ana ali bwino. Bambo anga anadwala mwezi wonse wathawu, n'chifukwa chake mutu wanga sunali pamodzi, koma tsopano achira. Pa anthu onse ondilembera, ndi Mzee yekha amene anafunsa."

Mzee anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati kanthawi.

"Botolo loyamba la uchi ndi la bambo awo," anatero. "Ndipatseni cholembera."