Mbatata ya pa Phulusa

Kalilu Mwinjuma ankalima mpunga kufupi ndi mathiriro a Bua kuyambira ali mnyamata, ndipo kunyumba kwake mpunga sunkadikira Idi. Anzake akamadya kondowole, iye ankadya mpunga wokonola bwino, woyera mbee, m'mawa ndi tiyi, masana ndi nsomba. Mkazi wake Madina ankadziwa kuti gaga akatsalira pang'ono, mbale ibwerera kukhitchini.

Chaka chotsatira chisankho cha matipate, Kalilu anayamba kuonda. Ludzu silinkamuthera, ndipo ankapita kukataya madzi pafupipafupi moti Lachisanu lina pa mapemphero a Ijumaa anatuluka mumzikiti ulaliki uli mkati. Madina ataona nyerere zitaunjikana pomwe mwamuna wake anataya madzi kuseri kwa nkhokwe, anamukakamiza kukwera minibasi kupita kuchipatala.

Kumeneko anakumana ndi a Fidelis, dokotala wocheperapo msinkhu amene ankaona odwala shuga. Anamubaya pachala, nadontheza magazi pa kapepala, kenaka anakhala kanthawi akuyang'ana kamakina kawo.

"Bambo, muli ndi matenda a shuga. Ndipo sanayambe lero. Mumadya chiyani masiku onse?"

"Mpunga," anatero Kalilu. "Wolima ndekha."

"Ndiye pamenepo pakhala nkhani."

"Mpunga suzuna, adokotala. Ngati ndi shuga wa mu tiyi, ndisiya."

A Fidelis anamufotokozera kuti mpunga, kondowole ndi mbatata zonse ndi sitachi, ndipo sitachi akafika m'mimba amasanduka shuga n'kulowa m'magazi. Kusiyana kwake ndi liwiro. Anati pali muyeso wotchedwa gilaisemiki indekisi. Anthu amapatsidwa chakudya, amayezedwa magazi kwa maola awiri kuti aone mmene shuga wakwerera, kenaka amayerekeza ndi mmene amakwerera akamwa gulukosi, shuga weniweni wa m'magazi, wochuluka mofanana ndi sitachi ndi shuga wa m'chakudyacho. Gulukosiyo anamupatsa nambala 100.

"Mpunga woyera nthawi zambiri umapitirira 70. Mwauchotsa gaga, mwauphika mpaka kufewa, m'mimba mulibenso choti chiuchedwetse. Mbatata yophika m'madzi imakhala cha m'ma 50 kapena 60. Ili ndi timaulusi tambiri, ndiye shuga wake amalowa pang'onopang'ono. Mpunga muuchepetse kwambiri. Muzidya mbatata yowiritsa, pang'ono, ndi nyemba kapena masamba."

Pakhonde panali mzere wautali, mwana wina akulira. Kalilu analandira mapiritsi ake n'kutuluka. Pa mawu onse aja anatolapo awiri basi: mpunga ayi, mbatata inde.

Zinamuwawa. Kwa iye mbatata inali chakudya cha ana ndi cha anthu amene mpunga unawathera m'nkhokwe. Komabe anamvera, poti anali munthu wosunga mawu. Alendo akabwera, Madina ankawaphikira mpunga, mwini nyumba n'kukhala pambali ndi mbatata yake yowiritsa ndi nkhwani. Mchimwene wake Ibrahimu ankamuseka.

"Achimwene, matumba onsewa mukulimira ife?"

"Idyani," ankatero Kalilu, osamuyang'ana.

Miyezi yoyamba zinthu zinasinthadi. Ludzu linachepa, masaya anabwerera. Atapitanso kukayezetsa, a Fidelis anamugwira chanza. Kalilu anabwera kunyumba akuyenda ngati kale, ndipo anaona kuti ulendo wa kuchipatala sukufunikanso msanga.

Kenaka mpunga unayamba kucha, mpheta zinafika. Nyengo imeneyo mlimi sachoka kumunda. Ana anali atapita onse kusukulu, popeza pulayimale inali itakhala yaulere, choncho Kalilu ankakhala yekha pansanja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akukoka chingwe cha zitini ndi kukuwira mbalame. Madina anali ndi dimba lake kutali ndi kumeneko, sakanatha kumupititsira chakudya. Ankangomuikira mbatata zaziwisi m'thumba.

Kalilu ankakoleza moto pamzere wouma, n'kukwirira mbatata m'phulusa lotentha. Ankazisiya nthawi yaitali mpaka khungu kuda, mkati kufewa, madzi onata ngati uchi akutuluka m'ming'alu. Kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawa anapeza chakudya chimene chinkamukomera. Ankadya zinayi, zisanu, popanda ndiwo, mtima uli m'malo kuti akutsatira zimene anauzidwa. Madzulo ankamuuza Madina kuti mbatata si yoipa monga ankaganizira.

Ludzu linabwerera, koma iye anati ndi dzuwa la kumunda. Maso anayamba kuchita chifunga, anati ndi utsi. Mapazi anali atayamba kale kuchita dzanzi, ndiye tsiku limene anaponda chitsa cha bango m'matope sanamve kanthu. Amene anaona anali Madina, Kalilu akusamba mapazi kuti aswali pa nthawi ya mapemphero: madzi a m'beseni anali ofiira.

"Bambo a Ummy, phazi ili latani?"

Kalilu analitembenuza. Pansi pa chala chachikulu panali bala lakuya, m'mbali mwake mutatuwa.

"Kabala aka? Kapola."

"Tipite kuchipatala."

"Ndikachoka mawa, mpheta zikolola munda wonse. Tidikire tidule kaye mpunga."

Madina anatsuka balalo ndi madzi a mchere, nalimanga ndi kansalu. M'mawa mwake Kalilu anabwerera m'matope. Anapitiriza choncho mpaka phazi linatupa, fungo n'kuyamba kumveka m'nyumba. Tsiku limene analephera kuimirira, akunjenjemera ndi kutentha thupi, Ibrahimu anamukweza panjinga kukafika kumsewu.

A Fidelis anamasula kansalu kaja. Chala chinali chitada, kudako kukukwera. Anayeza magazi, nayang'ana Madina.

"Mapiritsi amamwa?"

"Amamwa. Anatha posachedwapa, koma amamwa."

"Abwerera ku mpunga?"

Madina anapukusa mutu mwamphamvu. "Chichokereni kuno sanaulawe, adokotala. Ngakhale pa sadaka ya malume ake anakana, anthu mpaka kumunena. Mbatata yokhayokha."

"Mumaiphika bwanji?"

"Kunyumba ndimawiritsa. Nthawi zina futali."

"Nanga kumunda?" A Fidelis anatembenukira kwa wodwalayo.

"Ndimaotcha," anatero Kalilu ndi mawu otsika. "Paphulusa."

A Fidelis anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Anafunsa kuti zingati patsiku, ndi ndiwo yanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Kalilu anayankha zonse mosabisa, ngati munthu amene sakuona pomwe analakwa.

"Bambo, mbatata yootcha si imodzi ndi yowiritsa. Ikakhalitsa pamoto wouma, sitachi wake amapsa kotheratu, wina n'kusanduka shuga isanafike n'komwe m'kamwa. Uchi uja mumauona ukutuluka ndi umenewo. Pa muyeso uja imatha kufika 80, ngakhale 90. Imaposa mpunga umene munausiya."

Kalilu anayang'ana kudenga.

"Mbatata yomweyo?"

"Yomweyo. Munda umodzi, thumba limodzi. Ndiponso nambala ija imangonena liwiro. Kuchuluka kwa zimene mwadya kumawerengedwanso. Zisanu nthawi imodzi, popanda nyemba, popanda nsinjiro zoti zichedwetse m'mimba, thupi lanu silikanakwanitsa."

"Ndiye bwenzi ndikungodya mpunga wanga."

A Fidelis anati, "Mpunga pang'ono, wosakonola kwambiri, ndi nyemba zambiri, bwenzi zili bwinoko kusiyana ndi zimenezi. Koma musaganize kuti mbatata yokha ndiyo yadya phazili. Matendawa anakhala nanu zaka musanadziwe, misempha inali itaonongeka kale. Shuga wokwerayu wangolepheretsa bala kupola."

Madina anatuluka panja. Anaima pafupi ndi mpopi pomwe amayi ena odikirira odwala ankatsuka mbale, osadziwa chimene wabwerera. Ankaganiza za thumba lija, mmene ankasankhira mbatata zikuluzikulu m'mawa uliwonse kuti mwamuna wake asamve njala kumunda. Mayi wina anamufunsa ngati akufuna kutunga. Anangosuntha kumupatsa malo.

Achipatala anayesa mankhwala obaya ndi insulini yotsitsa shuga, koma kuda kuja sikunaime. Madokotala anati phazi lichoke, apo ayi mwendo wonse upita, mwinanso moyo. Ibrahimu anakana poyamba, nati munthu ayenera kubwerera kwa Mulungu wathunthu monga anabwerera. Anaitanitsa shehe wa kumzikiti kwawo, munthu wokalamba wolankhula pang'ono, amene anamva mbali zonse n'kunena kuti kusunga moyo ndiko koyamba. Kalilu anavomera ndi mutu. Madokotala analidula phazilo pamwamba pa kakolo.

Kalilu ali m'chipatala, Ibrahimu ndi ana anadula mpunga umene mpheta zinasiya. Unali wochepa kuposa theka la zaka zonse. Palibe anamuuza Kalilu, iyenso sanafunse.

Tsiku lotuluka, a Fidelis anakhala ndi Madina nthawi yaitali kuposa imene anakhala ndi Kalilu tsiku loyamba lija. Anabwereza zonse pang'onopang'ono, namuuza kuti anene yekha zimene wamva. Madina ananena: kuwiritsa osati kuotcha, osaphika mpaka kuphwanyika, mbale yaing'ono, nyemba kapena masamba nthawi zonse, kuyang'ana phazi lotsalalo tsiku lililonse, ngakhale pakati pa zala. Atamaliza anafunsa funso limene linkamuvuta.

"Adokotala, zowiritsazi munawauza tsiku lija?"

"Ndinawauza, mayi. Koma sindinawauze chifukwa chake kuotcha kuli kosiyana. Sindinaganize zakumunda."

Madina anagwedeza mutu. Sanapeze woti amukwiyire, ndipo zimenezo zinamulemera kwambiri.

Kunyumba Kalilu ankakhala pakhonde, ndodo zake zitatsamira khoma. Munda anaupereka kwa Ibrahimu kuti azilima, azigawana. Madina akabweretsa chakudya ankadya zimene wapatsidwa, osafunsa, osayamikira, osadandaula. Anthu obwera kudzazonda ankafika ndi malangizo awo: wina masamba a nimu, wina sing'anga wa ku Dwangwa, wina kuti mbatata ndi poizoni, aileke. Kalilu ankawamvetsera onse mwaulemu.

Mvula yoyamba itagwa, amuna a m'mudzimo anayamba kudutsa pamsewu m'mamawa, makasu paphewa, kupita kukakonza nazale za mpunga. Ena ankapereka salamu, ena ankafulumira ngati sanamuone. Patapita masiku Kalilu anapempha mwana wake wamkazi Ummy kuti asamutsire mpando wake kuseri kwa nyumba, kumene kulibe njira. Ummy ananyamula mpandowo, nabwerera kudzatenga ndodo, kenaka anagwira bambo ake m'khwapa n'kuyenda nawo pang'onopang'ono kuzungulira khoma.