Pasiwedi ya Aphunzitsi a Lestina

Pakhoma la shopu ya Goodson pa Makwasa panali pepala lomwe Tamanda, mnzake wokonza naye makompyuta, analemba ndi dzanja. Linali la mafunso ndi mayankho okhudza anthu obwera ndi laputopu yofunsa pasiwedi ikangoyatsidwa, isanatsegule china chilichonse. Pasiwedi imeneyi amaitcha ya BIOS.

Kodi kuchotsa kabatire ka m'kati kumaifufuta? Pa malaputopu amakono ayi, imakhala mu chipu cha pa bolodi. Nanga kusintha disiki? Ayinso. Tiyambe ndi chiyani? Funsani lisiti. Funsani amene anaiika, ndiponso ngati alipo wina angaidziwe. Funsani ngati muli zinthu zosafunika kutayika. Pansi penipeni panali mzere wa zilembo zikuluzikulu: musanalembe kanthu mu chipu, koperani za m'katimo kawiri, muzisunge.

"Malamulo khumi a Tamanda," Goodson ankatero. "Angosowa phiri ndi mabingu."

Lachisanu lina Tamanda anapita ku Limbe kukagula masikirini. Cha m'ma folo koloko kunalowa bambo wachikulire wovala jekete, laputopu ataikulunga m'chitenje. Anati dzina lawo ndi a Yesaya, anali kalaliki wa pa sikelo ku esiteti ya tiyi, ndipo tsopano amakhala ku Nsabwe.

"Ndaiwala pasiwedi," anatero.

Goodson anayatsa. Pa sikirini yakuda panabwera kabokosi kamodzi.

"Lisiti lilipo, madala?"

Linalipo, lopindidwa bwino mu envulopu. Dzina linali la Lestina, koma dzina lachiwiri linafanana ndi la pa chitupa cha a Yesaya.

"Ndi akunyumba?"

"Eya."

"Iwowo sakuikumbukira?"

A Yesaya anayang'ana chitenje chija. "Sangathe," anatero.

Goodson sanafunsenso. Anali wa Sabata, ndipo shopu inkayenera kutsekedwa dzuwa lisanalowe. Anawauza kuti abwere Lamulungu, koma iwo anati miyendo siikuwalola kukwera njinga yamoto kawiri sabata imodzi mumsewu wa ku Nsabwe. Anayankhula mofatsa, osakakamiza, ndipo kufatsako ndiko kunamugonjetsa Goodson.

Anamasula laputopu, napeza chipu chija, kanthu ka miyendo eyiti kochepa kuposa nyemba. Anachipana ndi kopanira kake kuti akopere za m'katimo. Kopanirako kanaterereka, kukopera kunaima pakati. Anayesanso, kunaimanso. Mthunzi wa mibulugamu unali utafika kale pakhonde. Pa kompyuta yake anali ndi fayilo ya mu chipu yopanda pasiwedi, ya laputopu ya mtundu womwewo. Anagwira kopanirako ndi chala kuti kasasunthe, nafufuta chipu, nalembamo fayiloyo.

Atayatsa, kabokosi kaja kanalibe. Goodson anamwetulira. Kenaka sikirini inasanduka yabuluu, ikupempha kiyi ya manambala 48.

"Imeneyo ndiye chiyani?" a Yesaya anafunsa.

"Kanthu kakang'ono," Goodson anatero. "Isiyeni, mudzaitenge sabata yamawa."

Lamulungu m'mawa Tamanda anaona sikiriniyo, chikwama chikadali paphewa.

"Disikiyi ndi yokhoma. Pa mtundu uwu kiyi yake imasungidwa mu chipu chomwe mwafufutacho. Kope la zomwe zinali m'chipumo lili kuti? Tilibwezeremo."

Goodson anayamba kupukuta tebulo.

"Achimwene, kope lili kuti?"

"Dzuwa linali likulowa."

"Dzuwa limalowa tsiku lililonse. Mukanatseka shopu laputopu ili chigonere, Sabata likanasweka? Mwiniwake anati muli chiyani m'menemu?"

"Sindinafunse."

Tamanda anaika chikwama pansi. Sanaloze pepala la pakhoma.

A Yesaya atabwera Lachitatu, Tamanda anawapatsa mpando nawafunsa mafunso aja limodzilimodzi. Anaika pasiwedi ndani? Akazi awo, a Lestina, omwe anali mphunzitsi. Ali kuti? Anamwalira chaka chatha mwezi wa Juni. M'katimo muli chiyani?

"Mayi anuwo ankaphunzitsa kwaya," a Yesaya anatero. "Nyimbo iliyonse ankayamba aiimba okha n'kujambula, zina m'Chilomwe. Ine ndinkadandaula kuti akundisokosera wailesi." Anapukuta chipewa ndi dzanja. "Masiku ano ndikafuna kukumbukira mawu awo, sakubwera bwino."

"Panalibe pomwe ankalemba mapasiwedi?"

Panali kabuku kofiira. Koma a Yesaya anakhala zaka zonse paukamwini ku Changata, kwawo kwa a Lestina. Mwambo wa maliro utatha, akuchikazi anawasudzula mwaulemu, iwo nabwerera kwawo ku Nsabwe ndi zovala zawo ndi laputopuyo. Sutikesi ya malemu, kabuku kali momwemo, inatsala ndi a Miriam, mng'ono wake wa a Lestina.

"Munthu anakumasula kale, ukabwererenso kukapempha za m'sutikesi? Ndinaona ngati adzati ndikufuna katundu. Ndiye ndinati kuli bwino ndinene kuti ndaiwala."

"Mukanangondiuza, madala," Goodson anayamba.

"Inunso mukanangofunsa," Tamanda anamudula.

Anawafotokozera mosabisa kuti pasiwedi ija tsopano ilibe ntchito, chotsala ndi kiyi ya manambala 48. Mwina a Lestina anaikopera m'kabukuko, kapena analembamo pasiwedi ya imelo yawo, poti nthawi zambiri kiyiyo imasungidwa ku akaunti ya mwini wake.

Patapita masabata awiri a Yesaya anabwera ndi kabuku kofiira. Anati a Miriam sanafunse n'komwe chifukwa chake. Anangotsegula sutikesi, nawadandaulira kuti chaka chonse osabwera kudzaona anthu, nawapatsanso mkoko wa nthochi.

Tamanda anatsegula tsamba ndi tsamba. Munali mayina a ana a kwaya, manambala a nyimbo, masiku a kuchipatala. Manambala 48 munalibe. Imelo inalembedwa koma yopanda pasiwedi, ndipo atayesa kuitsegula, uthenga wotsimikizira unapita ku nambala ya foni ya malemu, yomwe inatsekedwa kalekale. Pachikuto cha kumapeto panalembedwa kuti: Poyatsa, Y2716. Polowa, chimodzimodzi.

A Yesaya anavala magalasi nayang'ana nthawi yaitali.

"Imeneyi ndi nambala yanga ya ntchito ku esiteti," anatero. "Ndinkailemba pansi pa pepala la sikelo tsiku lililonse, zaka makumi atatu. Ine ndinayesa masiku obadwa a ana."

Panadutsa thirakitala yokoka masamba a tiyi, mawindo a shopu nanjenjemera.

"Lachisanu lija isanakhudzidwe, nambala imeneyi ikanatsegula?" a Yesaya anafunsa.

Goodson akanatha kunena kuti sizidziwika. "Ikanatsegula, bambo. Ndinalakwitsa ndine."

A Yesaya anagwedeza mutu pang'ono. Sanakalipe.

Tamanda anachotsa disikiyo, naiika m'kathumba, nalembapo kuti isafufutidwe. Anati nyimbozo zikadali m'menemo, ndipo kiyi ikadzapezeka zidzatseguka, koma sanalonjeze kuti idzapezeka. Goodson anati aikamo disiki ina kuti laputopu izigwira ntchito.

"Ndiitani?" a Yesaya anafunsa. "Mupatse a Miriam, ana awo ali pa sukulu."

Anaika kathumbako pakati pa kabuku kofiira, nalowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete. Chitenje anachipinda chopanda kanthu. Goodson anawaperekeza mpaka pa siteji ya njinga zamoto, ndipo njira yonseyo anakambirana za mvula, kuti chaka chino yachedwa.